Iveni, odi kapena yopanda mbali: zimene timakhulupirira pa mapolinomiyo ndi zoona zake

Ana athu a Fomu 4 kuno ku Kanjedza amawadziwa mapolinomiyo. Pokonzekera mayeso a MSCE amawagawa, amapeza zotsala, amawaphwanya kukhala mabulaketi, ndiponso amajambula magalafu ake papepala la timabokosi. Amene achita mwayi wopita ku MUBAS pa Chichiri, kapena ku koleji ina iliyonse kumene kuli masamu a chaka choyamba, amakapezanso funso lina likuwadikira: kodi polinomiyo iyi ndi iveni, ndi odi, kapena siili mbali iliyonse? Funsoli limaoneka laling'ono, ndiye timaliyankha mothamanga. M'magulu owerengera limodzi, m'makalasi a madzulo, ngakhale pakhomo pamene mkulu akuthandiza mng'ono wake, takhala tikupatsirana njira zachidule zomveka bwino m'khutu, koma zambiri mwa izo n'zolakwika. Sizinabwere chifukwa cha ulesi ayi. Pafupifupi iliyonse inabadwira pa chitsanzo chimene inagwirapodi ntchito, ndipo n'chifukwa chake imavuta kuizula.

Lamulo lenileni ndi limodzi. Paliponse pamene pali x timaikapo −x, titamutsekera m'mabulaketi, kenako n'kukonza zimene zatuluka. Ngati tabwerera ku polinomiyo yomwe tinayamba nayo, ndiye kuti f(−x) = f(x), ndipo polinomiyoyo ndi iveni. Ngati zigawo zonse zasintha chizindikiro, pulasi kukhala mainasi ndi mainasi kukhala pulasi, ndiye kuti f(−x) = −f(x), ndipo ndi odi. Ngati zina zasintha zina osasintha, ilibe mbali. Mawu ofunika kwambiri m'lamuloli ndi akuti kufananako kuyenera kuchitika pa x aliyense. Tiyenda ndi polinomiyo imodzi, f(x) = x³ − 4x + 3, chifukwa yokhayi imakola anthu m'misampha ingapo.

## Pawa yaikulu ndiyo imagamula

Ambiri a ife tikaona x³ kumayambiriro timanena pomwepo kuti ndi odi, tikaona x⁴ timati ndi iveni. Chikhulupirirochi chili ndi pochokera. Zitsanzo zoyamba zimene aphunzitsi amalemba pabolodi zimakhala x² ndi x³ zili zokhazokha, ndipo pamenepo pawa imagamuladi. Chifukwa chake n'chakuti (−x)² ndi mainasi awiri ochulukitsana, amene amathetsana, pamene (−x)³ ndi mainasi atatu, ndipo m'modzi amatsala. Choncho (−x)² = x², koma (−x)³ = −x³.

Zoona zake n'zakuti chigawo chilichonse cha polinomiyo chimayankha pachokha, ndipo palibe chimene chimayankhira chinzake. Titenge x⁴ + x. Tikaikamo −x timapeza x⁴ − x: chigawo choyamba sichinasinthe, chachiwiri chatembenuka. Izi sizikufanana ndi x⁴ + x, komanso sizikufanana ndi −x⁴ − x, motero polinomiyoyi ilibe mbali ngakhale kuti pawa yake yaikulu ndi 4. Manambala akuvomereza: pa x = 1 imapereka 2, pa x = −1 imapereka 0. Polinomiyo imakhala iveni pokhapokha mapawa onse a x ali ogawika ndi 2, ndipo imakhala odi pokhapokha mapawa onse ali osagawika ndi 2. Pawa yaikulu imangotiuza mbali imene singatheke. Yoyamba ndi x³ singakhale iveni, koma sizitanthauza kuti yakhala odi.

Kuipa kwake kumaonekera pa galafu. Mwana amene wakhulupirira kuti x⁴ + x ndi iveni amawerengera madontho a kudzanja lamanja okha, a kumanzere n'kungokopera. Theka la tebulo lake limakhala labodza, ndipo galafu imene wajambula ndi ya polinomiyo ina, osati imene anafunsidwa.

## Tiziyang'ana manambala a kutsogolo kwa x

Pali ena amene amati 2x³ + 4x ndi iveni chifukwa 2 ndi 4 ndi manambala ogawika ndi 2, ndipo 3x² + 5 ndi odi chifukwa cha 3 ndi 5. N'zomveka, popeza kuyambira kupulayimale mawu awiriwa tinawaphunzira pa manambala wamba. Koma zili mosemphana ndendende: 2x³ + 4x ndi odi, pamene 3x² + 5 ndi iveni. Nambala ya kutsogolo imangochulukitsa zimene pawa yatulutsa kale, sikhudza mainasi amene tamuika pa x. Ikhale 7, ikhale theka, ikhale −10, mbali ya chigawocho siisintha. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, amene anagwiritsa ntchito mayinawa m'zaka za m'ma 1720, anawatengera pa mapawa, osati pa manambala ochulukitsa. Wotsata manambala a kutsogolo nthawi zina amakhoza mwangozi, monga pa 2x² + 4, ndipo kukhoza kwangozi koteroko ndiko kumamulimbitsa m'cholakwacho mpaka tsiku la mayeso.

## Nambala yoima payokha kumapeto ilibe kanthu

Apa ndi pamene polinomiyo yathu ija imagwetsa anthu ambiri, kuphatikizapo amene amadziwa kuti tiziyang'ana mapawa onse. Amati: x³ ili ndi pawa 3, 4x ili ndi pawa 1, ndipo 3 wakumapetoyo alibe x, ndiye sawerengedwa, yankho ndi odi. Maganizowa akuyenda bwino mpaka pa sitepe yomaliza.

Nambala yoima payokha ili nayo pawa. 3 ndi chimodzimodzi ndi 3x⁰, ndipo 0 amagawika ndi 2 popanda chotsala. Choncho 3 ameneyu ndi chigawo cha iveni chimene chalowa pakati pa zigawo za odi. Tiyeni tiyendetse lamulo lonse pang'onopang'ono. Kuika −x kumapereka f(−x) = (−x)³ − 4(−x) + 3, chimene tikachikonza ndi −x³ + 4x + 3. Tsopano tilembe −f(x), kusintha chizindikiro cha chigawo chilichonse osasiyako ndi chimodzi chomwe: −x³ + 4x − 3. Mizere iwiriyi ikufanana paliponse kupatula kumapeto, pamene wina uli ndi +3 wina −3. Kusiyana kwa chizindikiro chimodzi chokhacho n'kokwanira. Polinomiyoyi si odi. Si iveninso, chifukwa −x³ + 4x + 3 si x³ − 4x + 3.

Pali kachizindikiro kotithandiza kugwira cholakwachi msanga. Polinomiyo ya odi iyenera kupereka 0 pa x = 0. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la odi likunena kuti f(0) = −f(0), ndipo nambala yokhayo yofanana ndi mainasi wa iyo yomwe ndi 0. Ndiye galafu ya polinomiyo ya odi imadutsa pamphambano pa mzere wa x ndi mzere wa y, dontho la (0, 0). Yathuyi imapereka f(0) = 3, imadutsa mabokosi atatu pamwamba pa mphambanoyo, ndipo pomwepo tadziwa kuti singakhale odi. Tisatembenuze chizindikirochi, komabe. Kudutsa pa (0, 0) sikutsimikiza kuti polinomiyo ndi odi: x² imadutsapo koma ndi iveni, x² + x imadutsapo koma ilibe mbali.

Pa polinomiyo ya iveni nambala yoima payokha siononga kanthu. x² + 7 ndi iveni monga x² yomwe, galafu yangokwera mabokosi 7. Mwina apa ndi pamene chikhulupirirochi chinayambira: tinaona kuti nambalayi sisokoneza ku mbali imodzi, n'kuganiza kuti sisokonezanso ku mbali inayo.

## Kuyesa nambala imodzi n'kokwanira

Njira imeneyi imakondedwa chifukwa ndi yachangu. Timasankha nambala, kawirikawiri 1 kapena 2, timaiika mu polinomiyo, timaikanso mnzake wa mainasi, kenako timayerekeza. Tiyese ndi 2 pa polinomiyo yathu. f(2) = 8 − 8 + 3 = 3. f(−2) = −8 + 8 + 3 = 3. Mayankho afanana, ndiye woyesayo amalemba ndi mtima wonse kuti ndi iveni. Mnzake wa pagulu lomwelo, uja wonyalanyaza nambala yakumapeto, walemba kuti ndi odi. Onse awiri ali ndi chifukwa chimene angachifotokoze, ndipo onse awiri alakwa.

Tikayesa 1 bodzalo limaonekera poyera. f(1) = 1 − 4 + 3 = 0, koma f(−1) = −1 + 4 + 3 = 6. Nanga 2 anatinamiza bwanji? Tichotse f(−x) mu f(x): timatsala ndi 2x³ − 8x, imene tikaiphwanya ndi 2x(x − 2)(x + 2). Kusiyana kumeneku kumakhala 0 pa malo atatu okha, pa 0, pa 2 ndi pa −2. Woyesa uja anangoponda pa amodzi mwa malo ochepawo. Kuti polinomiyo ikhale iveni, kusiyanako kuyenera kukhala 0 paliponse, ndipo izi zimatheka pokhapokha zigawo za odi zikhale kulibe n'komwe.

Kuyesa manambala sitikukutaya, kuli ndi ntchito yake, koma ntchitoyo ndi yokana basi. Nambala imodzi ikaonetsa kusiyana, monga 0 ndi 6 pamwambapa, nkhani yatha: si iveni, chifukwa mayankho sanafanane, ndipo si odi, chifukwa 6 si mainasi wa 0. Koma manambala awiri kapena atatu akavomereza, sitinatsimikize kanthu. Kuvomereza kumafuna kuti tiike −x ndi kuyenda naye mpaka kumapeto. Ndipo nambala yoipitsitsa kuyesera iveni ndi 0, popeza f(0) imafanana ndi f(−0) pa polinomiyo iliyonse ya padziko lapansi.

Chimene chimandimvetsa chisoni pa cholakwa ichi n'chakuti chimagwira ana akhama, amene safuna kungolota yankho koma amayesetsa kulitsimikiza. Amatuluka m'chipinda cha mayeso ali otsimikiza kuti akhoza, ndipo malikisi akabwera ochepa sadziwa pomwe panaterera. Chizolowezicho amapita nacho ku mitu ina ya masamu, kumene chitsanzo chimodzi amachiyesa umboni.

## −3² ndi (−3)² ndi chinthu chimodzi

Pakamwa zimamveka zofanana, koma papepala ndi zinthu ziwiri. (−3)² ikutanthauza −3 kuchulukitsa ndi −3, yankho 9. Pamene −3² ikutanthauza kuti tiyambe tapeza 3², kenako tiike mainasi kutsogolo, yankho −9. Kakyuleta ya sayansi, monga za Casio zimene ana athu amalowa nazo m'mayeso, imatsata lamulo limeneli: ukalemba −3² popanda mabulaketi imakupatsa −9.

Tione mmene zimaonongera. Titenge g(x) = x⁴ − 5x² + 4, imene mapawa ake ndi 4, 2 ndi 0, ndiye ndi iveni mosakayikitsa. Pa x = 3 imapereka 81 − 45 + 4 = 40. Pa x = −3 iyenera kuperekanso 40. Koma mwana akalemba −3⁴ − 5 × −3² + 4 m'kakyuleta popanda mabulaketi, makinawo amawerengera −81 + 45 + 4, n'kutulutsa −32. Poona 40 mbali ina ndi −32 mbali ina, amagamula kuti polinomiyoyi ilibe mbali, ndipo pagalafu dzanja lakumanzere limaloza pansi pamene limayenera kukwera kumwamba. Kakyuleta siinalakwe, yayankha funso limene yafunsidwa. Chosokoneza china n'chakuti Excel pakompyuta imawerenga mosiyana: ukalemba `=-3^2` imapereka 9. Amene wazolowera uku akhoza kugwa uko. Mabulaketi ndiwo amachotsa kukayika konseku, ndipo tiziwalemba nthawi zonse pamene tikuika nambala ya mainasi kapena −x.

## Ikapanda kukhala iveni ndiye kuti ndi odi

Pa manambala athunthu izi n'zoona: 14 ali uku, 15 ali uko, palibe wotsala pakati. Pa mapolinomiyo gulu lalikulu kwambiri ndi la otsala pakatiwo. Kungosakaniza chigawo chimodzi cha pawa yogawika ndi 2 ndi china cha pawa yosagawika, basi polinomiyo yatuluka m'magulu onse awiri. x² + x, 2x + 1, x³ − 4x + 3, zonsezi zilibe mbali. N'chifukwa chake mayeso awiri aja ayenera kuchitika onse. Kulephera loyamba sikupambanitsa lachiwiri. Ophunzira ambiri amaopa kulemba kuti ilibe mbali, amaona ngati ndi kuvomereza kuti funso lawakanika, ndiye amakakamiza yankho limodzi mwa awiriwo. Yankho lachitatuli ndi yankho lathunthu, ndipo limalandira malikisi onse likabwera ndi ntchito yake.

Pali polinomiyo imodzi yokha imene ili m'magulu onse awiri nthawi imodzi, ndiyo f(x) = 0, imene galafu yake ndi mzere wa x weniweniwo. Ndipo yopanda mbali iliyonse ingathe kugawidwa pawiri, gawo la iveni ndi gawo la odi. Yathu ija ndi 3 kuphatikiza x³ − 4x. Kugawa kumeneku kudzatithandiza kutsogoloku.

## Odi kuchulukitsa ndi odi imapereka odi

Ichinso tachitenga ku manambala, kumene 3 × 5 = 15. Koma x kuchulukitsa ndi x³ ndi x⁴, odi ziwiri zabala iveni, chifukwa pochulukitsa mapawa amaphatikizana, ndipo 1 + 3 = 4. Iveni kuchulukitsa ndi odi imapereka odi, monga x(x² − 4) = x³ − 4x. Pophatikiza, odi ndi odi zimakhalabe odi, monga x³ + x, ngakhale kuti pa manambala 3 + 5 = 8. Wobweretsa malamulo a manambala pano amalakwitsa makamaka funso likabwera m'mabulaketi ochulukitsana.

## Galafu ya odi imafanana tikapinda pepala pamzere wa x

Za iveni ambiri timazidziwa bwino. Tikapinda pepala potsata mzere woimirira wa y, mbali yakumanja ya galafu imagona ndendende pa yakumanzere. Dontho lililonse (a, b) lili ndi mnzake (−a, b). Pa g(x) = x⁴ − 5x² + 4, dontho la (3, 40) lili ndi mnzake (−3, 40), ndipo galafu imadula mzere wa x pa 1 ndi −1, pa 2 ndi −2, awiriawiri. Poona izi maganizo amathamangira kunena kuti ngati iveni yatenga mzere wa y, odi yatsala ndi mzere wa x.

Sizili choncho, ndipo sizingatheke. Galafu yofanana pamwamba ndi pansi pa mzere wa x ingakhale ndi madontho (a, b) ndi (a, −b), kutanthauza kuti x m'modzi akupereka mayankho awiri. Polinomiyo sichita zimenezo, x aliyense ali ndi yankho limodzi. Kufanana kwa odi ndi kwa kuzungulira. Tikabaya pepala ndi phini pa (0, 0) n'kulizunguliza theka la bwalo, madigiri 180, galafu imabwerera pamalo pake penipeni. Zili ngati khadi la mfumu m'makhadi a njuga: ulitembenuze chadodolido likuonekabe chimodzimodzi, koma ukalipinda pakati zithunzi ziwirizo sizigonerana. Dontho (a, b) mnzake ndi (−a, −b), zizindikiro zonse ziwiri zasintha.

Tione pa h(x) = x³ − 4x. Pa x = 1 timapeza −3, pa x = −1 timapeza 3. Pa x = 3 timapeza 15, pa x = −3 timapeza −15. Tikaika rula pa (1, −3) ndi (−1, 3), mzere wake umadutsa pa (0, 0), ndipo mphambanoyo ili pakatikati penipeni pa madontho awiriwo. Kumanja galafu imayamba yatsika m'chigwa pakati pa 0 ndi 2 kenako n'kukwera. Kumanzere imayamba yakwera phiri pakati pa 0 ndi −2 kenako n'kutsika. Chigwa ndi phirilo n'zofanana kukula. Amene akufuna kupinda pepala angathe, koma apinde kawiri, pamzere wa y kenako pamzere wa x, chifukwa kupinda kuwiriko pamodzi ndiko kuzunguliza kuja. Wopinda kamodzi amajambula zigwa ziwiri, kapena mizere iwiri yopingasana, ndipo wochonga amaona msanga kuti si galafu ya x³ − 4x.

## Galafu iliyonse yofanana mbali zake ndi iveni, ndipo yopanda mbali ilibe kufanana kulikonse

Zikhulupiriro ziwirizi zimayendera limodzi. Choyamba chimaonekera kwambiri pa (x − 3)². Pawa ndi 2, galafu ndi yooneka ngati U, mbali zake n'zofanana, ndiye tingaikanirenji? Titsegule mabulaketi: x² − 6x + 9. Pakati patulukira −6x, chigawo cha pawa 1, chimene mabulaketi anachibisa. Pa x = 1 timapeza 4, pa x = −1 timapeza 16. Galafuyi ndi yofananadi mbali zake, koma mzere wopindapo ndi x = 3, osati mzere wa y. Dzina lakuti iveni limaperekedwa pokhapokha mzere wopindapo uli x = 0. Pa ax² + bx + c iliyonse mzerewo umakhala pa x = −b/(2a), ndiye polinomiyo yotere imakhala iveni pokhapokha b ali 0. Lamulo loyang'ana mapawa limagwira ntchito mabulaketi atatsegulidwa, chifukwa pawa yofunika ndi ya x mwini, osati ya bulaketi. Nthawi zina kutsegulako kumabweretsa zosiyana ndi zimene timayembekezera: x − 1 ilibe mbali, x + 1 ilibenso mbali, koma (x − 1)(x + 1) ndi x² − 1, iveni yeniyeni.

Chachiwiri chimagwa tikabwerera ku f(x) = x³ − 4x + 3. Tagamula kuti ilibe mbali, komatu galafu yake ndi ya x³ − 4x yomwe ija itakwezedwa mabokosi atatu. Kuzungulira kuja kukadalipo, phini yekha ndiye wasamukira pa (0, 3). Manambala akusonyeza: f(1) = 0 ili 3 pansi pa 3, f(−1) = 6 ili 3 pamwamba pake; f(3) = 18 ili 15 pamwamba, f(−3) = −12 ili 15 pansi. Ndipotu polinomiyo iliyonse ya mtundu wa ax³ + bx² + cx + d ili ndi dontho lake lozungulirapo, pamene x = −b/(3a). Kuyambira pawa 4 kupita m'mwamba kufanana sikulonjezedwanso. Galafu ya x⁴ + x ilibe mzere wopindapo kapena dontho lozungulirapo paliponse.

Kusiyanitsa zimenezi kuli ndi phindu lenileni kwa wa Fomu 4 amene akudzaza tebulo la galafu. Akadziwa pamene pali phini kapena mzere wopindapo, angathe kuona yekha dontho limene waliwerengera molakwika asanalijambule. Akasokoneza malo ake, monga kupinda (x − 3)² pamzere wa y, amafufuta mayankho olondola n'kulemba olakwika m'malo mwake.

## Intigireshoni ya odi ikapereka 0, ndiye kuti palibe malo pansi pa galafu

Kwa amene afika pa intigireshoni, kaya mu masamu owonjezera a kusekondale kapena kukoleji, kudziwa mbali ya polinomiyo kumafupikitsa ntchito pamene malire ali ofanana uku ndi uku, kuchokera pa −a mpaka pa a. Ya iveni timawerengera theka lakumanja n'kuchulukitsa ndi 2. Pa 3x² + 5 kuchokera pa −2 mpaka pa 2, theka lakumanja ndi 8 + 10 = 18, ndiye yonse ndi 36. Ya odi imapereka 0, chifukwa gawo la pamwamba pa mzere wa x limathetsana ndi gawo la pansi. Mpaka apa zonse n'zoona.

Koma 0 ameneyu sakunena kuti malo palibe. Pa h(x) = x³ − 4x, kuchokera pa 0 mpaka pa 2 intigireshoni imapereka 4 − 8 = −4, ndipo kuchokera pa −2 mpaka pa 0 imapereka 4. Ziwirizi zikaphatikizidwa ndi zizindikiro zake zimathetsana. Funso likakhala lakuti tipeze kukula kwa malo otsekeredwa pakati pa galafu ndi mzere wa x, chigwa chili ndi 4, phiri lili ndi 4, yankho ndi 8. Wolemba 0 wanena kuti malo amene akuoneka ndi maso papepala lake kulibe. Kwa amene akuphunzira uinjiniya kusiyana kumeneku si kwa papepala pokha. Magetsi amene amafika m'nyumba zathu amasinthasintha mbali motsata fankishoni ya sin, imene ndi odi. Kuphatikiza kwake pa kuzungulira kumodzi kwathunthu ndi 0, komabe amawiritsa madzi, chifukwa kutentha kumatsata sikweya ya karenti, ndipo sikweya ya odi ndi iveni yosatsika pansi pa 0.

Njira yachiduleyi imafunanso zinthu ziwiri zimene timaziiwala. Malire ayenera kufanana ndithu: kuchokera pa −2 mpaka pa 3 sikuthetsana kwathunthu, ngakhale polinomiyo ili odi. Ndipo polinomiyoyo iyenera kukhaladi odi. Uja ananyalanyaza 3 wakumapeto mu x³ − 4x + 3 akafika pano amalemba 0 popanda kuwerengera kanthu. Njira yolondola ndi kuigawa pawiri monga tinachitira. Gawo la odi, x³ − 4x, limapereka 0 kuchokera pa −2 mpaka pa 2. Gawo la iveni ndi mzere wogona pa msinkhu wa 3, wotambalala mabokosi 4 kuchokera pa −2 mpaka pa 2, ndipo limapereka 3 × 4. Yankho ndi 12.